“Bodza!” wa chisangalalo ndi “bodza” woyambitsa ndewu

Pa 25 Januwale 2022, Flames ikusewera ndi Morocco mumzinda wa Yaoundé ku Cameroon, Gabadinho Mhango anaumenya mpira ali kutali kwambiri ndi golo, mpirawo n’kumudutsa goloboyi pamutu mpaka mu ukonde. Mphindi khumi zinali zisanakwane. Amene anauzidwa nkhaniyi pa foni m’Chingerezi akanayankha kuti “No way!” Mmalawi wouzidwa ndi mnzake akanangoti, “Bodza!” Onsewa sakutsutsa kuti chigoli chalowa. Akungosonyeza kuti nkhaniyo yakoma mopitirira zimene amayembekezera.

Apa ndi pamene pamagona vuto lomasulira timawu ta Chingerezi timene tadzaza pa WhatsApp: “no way”, “really” ndi “seriously”. Kamodzi kokha kamagwira ntchito zingapo, ndipo Chichewa chili ndi mawu osiyana pa ntchito iliyonse. Womasulira wabwino amayamba wafunsa kuti: kodi wolembayu wadabwa, akukayika, akukana, kapena wapsa mtima?

“No way” ndiye wosokoneza kwambiri. Kumumasulira kuti “palibe njira” n’kutaya nkhani yonse, chifukwa palibe Mchewa amadabwa motero. Mtsikana akalembera mnzake kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite, mnzakeyo n’kuyankha “No way!”, Chichewa chake ndi “Bodza iwe!” kapena “Aaa, usandiuze!” Koma mtsikana yemweyo akapempha kuti abwereke nsapato zatsopano zopitira ku ukwati, yankho n’kukhala lomwelo, tsopano tanthauzo lasintha: “Sizitheka”, “Iwala”, kapena “Ine ayi.” Chozindikirira chake n’chosavuta. Ngati uthenga woyamba unali nkhani, “no way” ndi kudabwa. Ngati unali pempho, ndi kukana.

“Really?” savuta. “Zoona?” amakwanira pafupifupi paliponse, ndipo wofuna kungosonyeza kuti akumvetsera amati “Kodi?” kapena “Eti?”

“Seriously?” ali ndi mkwiyo pang’ono mkati mwake. Achinyamata a m’tauni anangomutenga momwemo, amati “siliyasi?”, koma zimenezi sizithetsa funso la tanthauzo. Tiyerekeze kuti anyamata awiri anapangana zokumana ku Limbe 2 koloko masana. Ikukwana 3 koloko, mmodzi akulemba kuti ndiye akungokwera kumene minibasi ku Ndirande. Wodikira uja akayankha “Seriously?”, sakufunsa ngati mnzakeyo akunena zoona, akudziwa bwino kuti ndi zoona, n’chifukwa chake zamuwawa. Kumasulira kuti “Ukunena zoona?” kumamufewetsa mopitirira. Mawu oyenera ndi “Koma iwe!”, “Koma zoona, aise?” kapena “Ukundiyesa chiyani kodi?” Kamawu koti “koma” kameneka ndi kamene kanyamula dandaulo lonse. Zikanakhala kuti wochedwayo walemba kuti minibasi yawo yagundana ndi galimoto ina, “Seriously?” yemweyo akanakhala wa nkhawa: “Ukuti chiyani? Uli bwino koma?”

Chinthu chimene Chingerezi sichisamala, koma Chichewa sichingachilumphe, ndi ulemu. Mzungu amatha kuuza agogo ake kuti “No way!” popanda wokhumudwa. Mkamwini amene angayankhe apongozi ake kuti “Bodza!” kapena “Mukunama!” wawatcha abodza, ngakhale atawonjezera “mu” waulemu. Kwa munthu wamkulu, kudabwa kumabwera ngati funso lofatsa: “Zoona, amayi?”, “Kodi?”, “Mwati bwanji, bambo?” Pa gulu la WhatsApp la banja kapena la mpingo, pamene ana ndi akuluakulu amawerengera pamodzi, ndi bwino kusankha mawu ofatsawa ngakhale woyankhidwayo ali mnzako wa msinkhu umodzi.

Uthenga wa maliro umafuna kusamala koposa. Munthu akamva kuti mnzake wamwalira, Chingerezi chimalola “No way” wa kusweka mtima. M’Chichewa, zimene zimatuluka ndi “Mayo ine!”, “Kalanga ine!” kapena “Aaa, zachitika liti?”, kenako “Pepani.” “Bodza!” amamveka ndithu pakamwa pa wachibale amene wadzidzimuka, koma akalembedwa yekha pa foni, wofedwayo sangamve kunjenjemera kwa mawu kumene kukanamufewetsa.

Kusowa kwa liwu kumeneku n’kumene kumachititsa kuti olemba azitalikitsa zilembo. “Zoona?” ndi funso wamba, “Zoonaaa?” ndi chisangalalo, pamene “Zoona.” wokhala ndi mpumiro ndi kuvomereza basi. “Bodza kkkk” sakwiyitsa munthu, chifukwa kusekako kwaulula kuti ndi macheza. Ku Lusaka amalemba “boza”, ndipo Amalawi ambiri okhala ku Joni anatengerako “eish”, amene amathandiza pamene nkhani yadabwitsa ndi kukhumudwitsa nthawi imodzi, monga zinakhalira usiku uja Morocco itabweza zigoli ziwiri n’kupambana 2-1.