Dzina la pachikwangwani: nkhani ya nyumba yogona alendo ku Liwonde

Mukatsika minibasi pa Liwonde dzuwa litapendeka, woyamba kukulandirani ndi mnyamata wa kabaza. Funso lake limakhala limodzi: "Tikutuleni kuti, bwana?" Dzina limene mlendo angayankhe pamenepo mosadodoma, wakabaza n'kulimva kamodzi n'kupalasa, ndilo dzina labwino la nyumba yogona alendo. Eni nyumbazi ambiri amaiwala zimenezi. Amasankha dzina lowakomera iwo pabalaza, pomwe olitchula tsiku ndi tsiku adzakhala anthu ena.

Tawuni ya Liwonde imalandira alendo amitundu iwiri. Ena amabwera kudzaona mvuu ndi njovu mumtsinje wa Shire ndi m'nkhalango yosungira nyama, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015. Ena ndi apantchito: ogula mbewu, ogulitsa katundu wa makampani, a mabungwe odzachititsa maphunziro, ndi odutsa pamsewu wa M3 pakati pa Zomba ndi Mangochi. Odzaona nyama amachuluka m'chilimwe. M'dzinja, mvula ikamata misewu, amene amalipirira magetsi ndi malipiro a mlonda ndi apantchito aja. Choncho dzina liyenera kuwakopa onse awiri, ndipo iwo safuna zofanana.

Titenge banja loti bambo apuma pantchito ya uphunzitsi, amanga zipinda 8 pamalo a mayi, pabwalo pali mtengo waukulu wa bwemba. Ana atatu asonkhako ndalama. Tsopano akhala pansi kuti atche dzina.

Maganizo oyamba pafupifupi nthawi zonse amakhala a dzina la bambo. Palibe cholakwika pa zimenezo. Hotela ya Ryalls ku Blantyre imadziwikabe ndi dzina la banja la woyambitsa wake mpaka lero. Koma kuno kummwera ambiri timatsata kuchikazi. Malo ndi a mbumba ya mayi, bambo ndi mkamwini. Mukakhoma dzina la bambo pamalo a mayi, tsiku la maliro padzabuka mafunso amene lero palibe akufuna kuwamva: abale a bambo adzaloza chikwangwani, abale a mayi adzaloza nthaka. Ine ndimalangiza kuti za umwini zilembedwe papepala, aliyense ndi gawo lake, chikwangwani chisasenze mlandu umenewo. Ndiponso dzina la banja silimuuza kanthu mlendo amene sakukudziwani.

Kenaka pamabwera maina othokoza: Chisomo, Madalitso, Tiyamike. Amachokera pansi pa mtima, pakuti kumanga zipinda 8 ndi ndalama za penshoni si masewera. Vuto lake ndi kuchuluka. Pamsika umodzi mupeza golosale, chigayo ndi saluni zonse zili Chisomo, wakabaza akakutulani kuchigayo. Maina a zining'a aja timalemba pamaokala ndi paminibasi, oyankha ansanje, asafike n'komwe pakhomo pogona alendo. Mlendo sabwera kudzalowa m'mikangano ya m'mudzi mwanu. Dzina lotsamira kwambiri chipembedzo chimodzi nalonso liganiziridwe bwino ku Machinga, kumene Asilamu ndi Akhristu amagulira pamsika umodzi, ndipo onsewo mukuwafuna.

Otsala ndi maina otengedwa pamalopo. Mvuu atenga kale: m'nkhalango muli Mvuu Camp, m'tawuni muli Hippo View Lodge, ndipo kuyandikira maina amenewa n'kutumiza alendo anu kwa anzanu. Mwana wina wa m'banjamo atchula Ng'ona, wina Mgwalangwa, poti migwalangwa njosasowa m'mbali mwa Shire. Apa mpofunika foni. Kachizindikiro kam'mwamba ka mu "ng'" sikaloledwa m'dzina la tsamba la pa intaneti, ndipo mukakachotsa mawuwo amamveka ena. Chimodzimodzi "ŵ", amene ambiri sadziwa pomupeza pafoni. Mgwalangwa ndi dzina lokoma m'kamwa mwathu, koma mlendo wochokera kunja alilemba njira zitatu osalipeza. Palinso "l" ndi "r", amene ife timawasinthanitsa osazindikira: nyanja imodzi yomweyo ena amalemba Chilwa, ena Chirwa. Dzina lokhala ndi zilembo zimenezi limagawa alendo pawiri pofufuza.

Bwemba alibe mavuto onsewa. Zilembo 6, amalembedwa monga amamvekera, ndipo mtengowo ulipodi pabwalo, woti mlendo akhale pamthunzi pake n'kulawa chakumwa cha zipatso zake. Wodzaona dziko amakonda dzina lokhala ndi nkhani yoti akafotokoze kwawo. Wamalonda sachita nalo manyazi palisiti.

Pa lisiti pamenepo ndi pomwe ambiri amagwera. Wantchito wa kampani kapena bungwe sagona ndi ndalama zake. Akabwerera amakapereka lisiti kwa wowerengera ndalama. Ngati chikwangwani chikunena china, chidindo china, akaunti ya kubanki ili m'dzina la mwana wamkulu, ndipo polipira pa Airtel Money kapena Mpamba pakutuluka dzina la mlamu, lisitilo limakayikitsa ndipo munthuyo sabweranso. Sakuuzani chifukwa. Mumangoona kuti amene amagona masiku atatu mwezi uliwonse asiya kuimba foni. Nchifukwa chake penti isagulidwe dzina lisanalembetsedwe kwa mlembi wamkulu wa mabizinesi, amene amayamba waona ngati wina sadalitenge kale. Dzina lomwelo, zilembo zake osasintha, lipite pa nambala ya msonkho ya ku MRA, pa akaunti ya kubanki, pa chiphaso cha a zokopa alendo ndi pachidindo. Ndaonapo chikwangwani chachitsulo chowotcherera bwino chikufufutidwa patangotha milungu iwiri, chifukwa kuofesi adakana dzinalo.

Mawu achiwiri pachikwangwani amalemera kuposa momwe timaganizira. Kwa Amalawi ambiri resitihausi ndi malo otchipa pafupi ndi depoti, bafa la panja, phokoso la bala usiku wonse, ndipo mayi wapantchito woyenda yekha amawalambalala. Hotela imalonjeza malo odyera otsegula tsiku lonse ndi wolandira alendo ngakhale pakati pa usiku. Banja lathu lija, ngati chipinda chilichonse chili ndi bafa lake, neti, tebulo lolembera ndi poimika galimoto mumpanda, likhoza kutcha malowo loji osanama. Zikapanda kutero, gesitihausi ndi dzina laulemu lokwanira. Mawu odzikweza onga a nyumba zachifumu asiyeni. Mlendo amene walonjezedwa ufumu n'kupeza madzi a m'ndowa amakalemba madandaulo pa intaneti, pomwe akadauzidwa zoona akadathokoza madzi otentha omwewo.

Dzina la tawuni lisasowe. Munthu ali ku Lilongwe sakudziwa Bwemba. Iye amalemba "lodge Liwonde" pafoni. Choncho pa Google Maps, pa Facebook ndi pa WhatsApp Business palembedwe chimodzimodzi, "Bwemba Lodge Liwonde", ndipo kadontho ka pamapu kaikidwe munthu ataima pageti penipeni, osati ali kunyumba kwa mwana ku Area 25.

Asanapite kukalembetsa, banjalo liyese dzinalo pa anthu atatu. Aimbire foni mnzawo wa ku Mzuzu, alitchule kamodzi, iye alilembe pa uthenga. Afunse munthu wolankhula Chiyao ngati mawuwo sakumveka mwina m'chinenero chake. Pomaliza mayi apite okha padepoti, akwere kabaza, anene kuti, "Achimwene, pa Bwemba." Mnyamatayo akafunsa kuti ndi pati, amulozere mtengowo ulendo umodzi, mawa lake atumeko mlendo.