Mazabodi yafika yakufa: kalata yopita kwa wogulitsa

Wogulitsa zipangizo za kompyuta akamva kuti mazabodi imene anagulitsa dzana sikuyaka, sathamangira kukayikira katundu wake. Amayamba ndi inu. Mwina munapinda timapini poika purosesa, mwina munaiwala chingwe china, mwinanso magetsi anabwera mwamphamvu atazima n'kuipsereza. Sitingamunene kwambiri, chifukwa zonsezi zimachitikadi. N'chifukwa chake kalata yopempha kuti akusinthireni iyenera kuyankha mafunso amenewa iye asanawafunse.

Mazabodi ndi bolodi lalikulu lija la m'kati mwa kompyuta, pamene purosesa, ramu ndi zina zonse zimalumikizidwa. Kuvuta kwake n'kwakuti ikafa, zizindikiro zake sizisiyana ndi za chipangizo china chikafa. Pawa sapulayi yowonongeka imachititsa kompyuta kungokhala zii. Ramu yosakhala bwino imasiya sikirini ili bii. Choncho mawu oti "sikuyaka" paokha si umboni. Ntchito yaikulu ya kalatayi imachitikira patebulo, cholembera chisanagwiridwe.

Tiyerekeze kuti mwagula mazabodi ya H610, ya soketi ya LGA1700, ndipo mwaikapo purosesa ya Core i3-12100 ndi ramu ya DDR4. Mwamanga zonse, mwadina batani, palibe chachitika.

Yambani ndi kuitulutsa mu kesi. Pansi pa mazabodi pamakhala timiyendo tachitsulo tomangirapo masikuluwu, ndipo kamodzi kakakhala pamalo olakwika kamakhudza bolodi n'kuchititsa shoti. Ikani mazabodiyo pamwamba pa katoni yake, musiyepo purosesa ndi fani yake, ramu imodzi yokha, ndi zingwe ziwiri zamagetsi: chachikulu cha mapini 24 ndi chaching'ono cha mapini 8 chimene chimadyetsa purosesa. Chaching'onochi n'chimene ambiri amaiwala. Batani la kesi nalonso likhoza kukhala lakufa, ndiye lisiyeni. Pezani timapini tiwiri ta batani, timene kawirikawiri timalembedwa PWR_SW, mutikhudzitse pamodzi ndi nsonga ya sikuludiraiva kwa kamphindi. Ngati pali zii, zimitsani magetsi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo, kabwezereni, muyesenso.

Mayeso amene amatseka pakamwa wogulitsa ndi osinthanitsa. Tengani purosesa, ramu ndi pawa sapulayi zomwezo mukaziike pa mazabodi ina ya soketi yomweyo, kaya ya mnzanu kaya ya wokonza makompyuta. Zikayaka kumeneko, wolakwa watsala mmodzi.

Pali misampha iwiri imene imanamiziritsa mazabodi yabwinobwino, ndipo yonse imaoneka chimodzimodzi: fani ikuzungulira koma sikirini ilibe kanthu. Woyamba ndi purosesa ya Intel imene dzina lake limathera ndi F, monga 12100F. Imeneyo siitulutsa zithunzi payokha, imafuna khadi la zithunzi. Wachiwiri ndi purosesa yatsopano kuposa pulogalamu ya BIOS imene ili mu bolodi. Mazabodi ya H610 imene inakhalitsa m'sitolo ikhoza kukana purosesa ya m'badwo wa 13 mpaka BIOS yake itasinthidwa. Wogulitsa wodziwa ntchito adzafunsa ziwirizi, ndiye dzina lonse la purosesa lilembedwe m'kalata.

Musanalembe, chotsani purosesa mujambule soketi pafupi, pamalo owala. Mu soketi ya LGA1700 muli timapini 1,700 tosalimba, ndipo kamodzi kakapindika kamanyezimira mosiyana ndi tinzake. Ogulitsa ambiri salandira mazabodi yopindika mapini, amati wawononga ndi wogula. Chithunzi chimenechi chidzakuikirani kumbuyo ngati mapiniwo atapezeka opindika katundu ali kale m'manja mwa ena. Jambulaninso nambala ya siliyo, imene imakhala pa sitika ya pabolodi komanso ya pakatoni, ndipo onetsetsani kuti ziwirizo n'zofanana.

Tsopano kalata ikhoza kukhala motere:

Bambo,

PEMPHO LOSINTHA MAZABODI YA H610 IMENE YAFIKA YOSAGWIRA NTCHITO

Lolemba lapitali ndinagula kwa inu mazabodi ya H610, ndipo inandipeza Lachitatu. Nambala ya lisiti ndi ya siliyo zili pa zithunzi zimene ndaphatikiza. Chiyambire kuitsegula, mazabodiyi sinayakepo ngakhale kamodzi. Fani sizungulira ndipo sikirini sionetsa chilichonse.

Ndaiyesa kunja kwa kesi ndi purosesa ya Core i3-12100, ramu imodzi ya DDR4, zingwe za mapini 24 ndi 8 zili zolumikizidwa. Ndayatsa pokhudzitsa mapini a batani, ndachotsa batire n'kuibwezera, koma palibe chasintha. Purosesa, ramu ndi pawa sapulayi zomwezo zagwira ntchito bwinobwino pa mazabodi ina. Mapini a mu soketi ndi owongoka, monga mukuonera pachithunzi, ndipo palibe pamene papsa.

Ndikupempha kuti mundisinthire ndi ina yatsopano ya mtundu womwewo. Chonde ndiuzeni kumene ndingaitumize, amene alipire mtengo wotumizira, ndi tsiku limene ndingayembekezere inayo. Ndingathokoze mutandiyankha pofika Lachisanu la sabata yamawa.

Ine wanu,
(dzina ndi nambala ya foni)

Chiganizo cholemera kwambiri m'kalatayi ndi chija choti "sinayakepo ngakhale kamodzi". Katundu amene wafika wakufa ndi wosiyana ndi amene wagwira ntchito miyezi ingapo n'kuwonongeka. Woyambayo masitolo ambiri amangosintha, koma pokhapokha mwanena m'masiku ochepa amene iwo anaika, omwe nthawi zambiri amalembedwa kunsi kwa lisiti. Wachiwiriyo amapita ku walanti, kumene bolodi limatumizidwa kukakonzedwa inu n'kumadikira. Mukazengereza sabata zitatu, nkhani yanu imagwera m'gulu lachiwirili. Koma ngati inayakapo kamodzi n'kuzima, nenani zomwezo. Bodza laling'ono likagwidwa limagwetsa kalata yonse.

Onaninso kuti pempho ndi limodzi. Wolemba kuti "muone chochita" wapatsa wogulitsa ufulu wosankha chimene chili chotchipa kwa iye. Ndipo mkwiyo mulibe. Mawu oti "ndinu akuba" amakoma polemba, koma wowerengayo akangowaona amayamba kudziteteza m'malo mofufuza nambala ya lisiti. Ngakhale mutatumiza pa foni, lembani uthenga umodzi wathunthu ngati umenewu, osati mawu ojambula, kuti pakhale cholembedwa chokhala ndi tsiku.

Musatumize katundu wogulitsa asanavomere. Masitolo akuluakulu amapereka nambala yobwezera katundu, imene pa mafomu awo imalembedwa RMA, ndipo phukusi lopanda nambalayi limatha kukanidwa pakhomo. Bwezerani kachivindikiro kapulasitiki kakuda kaja pa soketi, chifukwa popanda iko mapini amapindika pa ulendo. Lowetsani bolodi m'thumba lake lonyezimira lija loteteza ku magetsi a m'thupi, muikemo zingwe ndi kabuku zonse zimene zinabwera, ndipo katoni yakeyo muiike m'katoni ina.

Wogulitsa akangokhala chete, kalata yachiwiri ndi imene ingatchule malamulo. Ku Malawi madandaulo a ogula amalandiridwa ndi bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC. Amene amaitanitsa zipangizo ku Joni adziwe kuti lamulo loteteza ogula la ku South Africa la 2008, pa gawo 56, limalola kubweza katundu wowonongeka m'miyezi isanu ndi umodzi, wogula n'kusankha yekha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Chovuta n'chakuti ngati anakugulirani ndi wachibale kapena woyenda pa basi, lisiti lili m'dzina lake, ndipo kalatayo, yolembedwa m'Chingerezi, iyenera kuchokera kwa iyeyo.