Matipi, chipinda ndi alawansi: kodi zimawerengeredwa pa malipiro otsikitsitsa ku Joni?

Amalawi ambiri amene ali ku South Africa amagwira ntchito m'malesitilanti, m'makomo ndi m'mafamu, ndipo ntchito zimenezi zimafanana pa chinthu chimodzi: ndalama imene bwana amapereka pamanja imachepa, koma zolankhula zimachuluka. Wina amauzidwa kuti makasitomala amupatsa kale matipi. Wina amakumbutsidwa kuti akugona m'chipinda chaulere kuseri kwa nyumba, ndiponso akudya pomwepo. Bwana akaphatikiza zonsezi, masamu ake amaoneka ngati adutsa malipiro otsikitsitsa amene boma lidakhazikitsa. Lamulo la dzikolo silowerengera choncho.

Lamulo la malipiro otsikitsitsa ku South Africa lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, pa mlingo wa R20 pa ola. Mlingowu umaunikidwa chaka ndi chaka, ndipo pa 1 Malichi 2025 udafika pa R28.79 pa ola. Poyamba ogwira ntchito m'mafamu ndi m'makomo ankalandira mlingo wotsikirapo, koma a m'mafamu adafanana ndi anzawo mu 2021, a m'makomo mu 2022.

Nkhani yagona pa ndime 5 ya lamuloli. Ndimeyi imati malipiro amene amawerengedwa ndi ndalama zenizeni zolipiridwa chifukwa cha maola amene munthu amagwira mwa nthawi zonse. Kenaka imatchula zoyenera kuchotsa powerengera. Ndalama yothandiza munthu kuti athe kugwira ntchitoyo, monga alawansi ya thiransipoti, ya zipangizo, ya chakudya kapena ya malo ogona, siwerengedwa. Zinthu zoperekedwa m'malo mwa ndalama, monga chakudya ndi chipinda, siziwerengedwa. Matipi, mphatso ndi mabonasi ongopereka mwa kufuna kwa mtima, nazonso ayi.

Tiyerekeze mnyamata woperekera zakudya mulesitilanti ku Pretoria, amene amagwira maola 45 pa sabata. Pa mwezi amakwanitsa maola 195, ndipo pa mlingo wa 2025 uja ayenera kulandira pafupifupi R5,614. Pepala lake la malipiro likuonetsa R3,500 ya malipiro enieni, R600 ya thiransipoti, R400 ya chakudya, ndi R2,000 ya matipi amene makasitomala adalipira pa khadi. Zonse pamodzi ndi R6,500, ndipo mwini lesitilanti akhoza kudziguguda pachifuwa kuti amalipira bwino. Koma pa ndalama zinayizi, lamulo likuona R3,500 yokha. Tikaigawa ndi maola 195 aja, mnyamatayu akulipidwa R17.95 pa ola, kutsikira ngakhale pansi pa mlingo umene lamulo lidayambira mu 2019. Bwanayo ali ndi ngongole ya R2,114 mwezi uliwonse, ndipo matipi aja ndi apadera, sangakwirire ngongoleyo.

Ganizo la lamuloli ndi lomveka. Tipi imachoka m'thumba la kasitomala, ndipo lero ilipo, mawa kukagwa mvula palibe. Ndalama ya thiransipoti imathera kwa oyendetsa minibasi munthu asadayambe n'komwe ntchito. Zikadaloledwa kuwerengedwa, bwana akadangogawa malipiro omwewo m'timagawo, n'kutipatsa mayina osiyanasiyana. N'chifukwa chake malo amene amalemba anthu kuti azidalira matipi okhaokha amakhala akuphwanya lamulo, ngakhale woperekera zakudyayo atamapeza ndalama zambiri usiku wa Lachisanu. Amene amalipidwa komishoni, kutanthauza gawo la zimene wagulitsa, nayenso sayenera kutsika pansi pa mlingo wa pa ola akawerengera maola ake.

Pa malo ogona m'pamene pali kakhomo, koma n'kakang'ono. Ndime 5 yomweyo imalola kuti malamulo apadera a ntchito zina anene mosiyana. Lamulo la ogwira ntchito m'makomo limalola bwana kudula ndalama zosaposa 10 pa 100 iliyonse ya malipiro chifukwa cha chipinda, ndipo si chipinda chilichonse. Chiyenera kukhala chosadontha, chosamalidwa bwino, cha windo ndi chitseko chokhomeka, komanso wantchitoyo akhale ndi chimbudzi ndi posambira. Chakudya chimene amadya ali pantchito, yunifolomu ndi zipangizo sizidulidwa.

Tsono taganizani za mayi amene amagwira maola 45 omwewo panyumba ina ku Johannesburg. Abwana ake amamupatsa R3,000, n'kunena kuti chipinda chimene akugonamo akadachita lendi chikadakhala cha R2,600. Mwina n'zoona, lendi ya m'tauni ndi yowawa. Koma mtengo wa chipindacho pamsika ulibe ntchito pano. Pa R5,614 paja, chimene angadule ndi R561 basi, ndiye mayiyu ayenera kutsala ndi pafupifupi R5,053, asadachotse kandalama ka inshulansi ya anthu amene ntchito yawathera. Akuperewezedwa ndalama yoposa R2,000. Kunena zoona, kugona pantchito nthawi zambiri kumapindulira abwana, chifukwa wogona kuseri kwa nyumba ndi amene amadzutsidwa mwana akalira usiku, ndipo maola otere sakonda kulembedwa paliponse.

M'mafamu muyezo ndi wofanana: osaposa 10 pa 100 pa nyumba, ndi 10 pa 100 ina pa chakudya. Kumenekonso nyumbayo imayenera kukwaniritsa zofunika, monga denga losadontha, mawindo a galasi otseguka, madzi abwino pafupi ndi chimbudzi.

Bonasi ndiyo idavutitsa makhothi. Pa mlandu wa kampani ya Quantum Foods mu 2023, khothi la apilo la milandu ya zantchito lidagamula kuti bonasi imene ili m'mgwirizano wa ntchito, imene bwana sangakane kupereka, si mphatso, choncho ikhoza kuwerengedwa. Lidateronso pa ndalama imene kampani imasonkhera wantchito ku thumba la penshoni. Apa phunziro kwa wowerenga pepala la malipiro n'lakuti dzina la ndalamayo silokwanira. Funsani ngati bwana ali wokakamizika kuipereka chifukwa cha ntchito imene mwagwira, kapena amangopereka chaka chikamuyendera bwino.

Mayiko ena adasankha njira zawo. Ku Britain matipi adasiya kuwerengedwa mu Okutobala 2009, ndipo malo ogona amawerengedwa pa mlingo wochepa wa pa tsiku umene boma limaika. Ku America ndiye kwina: lamulo la boma lalikulu limalola kulipira woperekera zakudya $2.13 pa ola, bola matipi amufikitse pa $7.25, ngakhale zigawo zina za dzikolo zimakana zimenezi. Choncho zimene m'bale wanu akukuuzani pafoni kuchokera kunja zikhoza kukhala zoona kumene aliko, koma osagwira ku Durban.

Amene akuperewezedwa malipiro ku South Africa akhoza kukadandaula ku ofesi ya unduna wa zantchito kapena ku CCMA, bungwe loyanjanitsa olemba ndi olembedwa ntchito, ndipo kumeneko salipiritsa. Ambiri amaopa chifukwa cha mapepala. Pa mlandu wa Discovery Health mu 2008, khothi la zantchito lidanena kuti mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito amakhalabe wantchito pamaso pa malamulo a zantchito. Izi sizichotsa vuto lake ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo munthu ayenera kuyeza yekha zimenezo asadapite.

Chimene chimagwetsa madandaulo ambiri ndi umboni wa maola. Malipiro otsikitsitsa amawerengedwa pa ola, ndiye bwana akanena kuti munkagwira maola 25 pa sabata m'malo mwa 45, ngongole yonse ija imasungunuka. Kope lolembamo nthawi yolowera ndi yowerukira tsiku lililonse, mapepala a malipiro, ndi mauthenga a kubanki osonyeza ndalama imene idalowa, ndi zimene woweruza ku CCMA amatha kuziyerekeza ndi mawu a bwana. Ngati mumalandira pamanja, lembani tsiku ndi ndalamayo nthawi yomweyo, ndipo matipi muziwalemba pa tsamba lawo.