Kabuku kosiyirana ntchito yosamalira detabesi ya sitolo

Detabesi ndi nkhokwe ya m'kompyuta momwe pulogalamu ya sitolo imasungamo mndandanda wa katundu, mitengo, malisiti ndi mayina a anthu amene anatenga zinthu pangongole. M'masitolo ang'onoang'ono, nkhokwe imeneyi kawirikawiri imasamalidwa ndi munthu mmodzi, mwina mphwake wa mwini sitolo amene anaphunzirako za makompyuta, kapena katswiri wobwera mwa ganyu. Munthuyo akapeza ntchito kwina amapita ndi zonse zimene zili m'mutu mwake. Kabuku kosiyirana ntchito ndi masamba ochepa amene iye amalemba asanachoke, kuti womulowa m'malo adziwe kumene makope a detabesi amasungidwa, mmene amabwezeretsedwera, ndiponso woti amuyimbire foni zinthu zikathina.

Wolemba kabukuka ayenera kuganizira munthu amene adzakatsegule tsiku loipa, makasitomala ataima pamzere, kompyuta ikukana kuyaka. Munthu woteroyo alibe nthawi yowerenga mbiri ya sitolo. Choncho tsamba loyamba limangonena zoonekeratu: kompyuta yosunga detabesi ndi iti ndipo ili pakona iti, pulogalamu yake ndi yotani, nambala ya mtundu wake ndi chiyani, ndipo detabesiyo dzina lake ndani. Kabukuka kamasindikizidwa papepala n'kuikidwa m'dirowa ya ndalama, chifukwa kakangokhala m'kompyuta momwemo kadzafera limodzi ndi kompyutayo.

Chitsanzo chothandiza ndi sitolo yongoyerekezera yogulitsa simenti, misomali ndi malata, imene imatseka 5 koloko madzulo. Detabesi yake ndi ya PostgreSQL, pulogalamu yaulere yodziwika kwambiri, ndipo dzina lake ndi `shopu`. Kope lake, limene akatswiri amalitcha bakapu, limatengedwa ndi lamulo ili:

```
pg_dump -Fc -f /backup/shopu_2025-03-12.dump shopu
```

Lamuloli limalemba zonse za m'detabesi mu fayilo imodzi yopanikizidwa, monga mmene zinalili panthawi imene linayamba kugwira ntchito, ndipo ogulitsa safunika kuimitsa malonda. Deti limaikidwa m'dzina la fayilo kuti kope lalero lisafufute ladzulo. Ichi si chinthu chaching'ono. Wogulitsa akafufuta mitengo molakwitsa Lolemba koma vutolo n'kudziwika Lachinayi, sitolo yosunga kope limodzi lokha imakhala itasunga kale cholakwikacho katatu, chabwino chija chitapita. Masitolo ambiri angakwanitse kusunga makope a masiku 14 apitawo, kuphatikizapo limodzi la kumapeto kwa mwezi uliwonse.

Ntchitoyi siyenera kudalira kukumbukira kwa munthu. Pa kompyuta ya Linux pali pulogalamu yotchedwa `cron` imene imayendetsa malamulo pa nthawi yoikika, ndipo mzere wake umalembedwa m'kabuku momwe ulili:

```
30 16 * * 1-6 /home/shopu/sunga.sh
```

Tanthauzo lake ndi hafu pasiti folo madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Akatswiri ambiri amakonda kuika nthawi ya pakati pa usiku potengera makampani aakulu amene makina awo sazima. Koma kompyuta ya m'sitolo imazimitsidwa potseka, ndipo `cron` sibwereza ntchito imene nthawi yake inadutsa kompyuta ili chizimire. Sitolo ikhoza kutha chaka chathunthu ikukhulupirira kuti ili ndi makope pomwe chikwatu chake chilibe kanthu. Kumene magetsi amazimazima, ngakhale nthawi ya masana imaphonyeka. N'chifukwa chake kabukuka kamapereka ntchito kwa wotsegula sitolo m'mawa: aone ngati fayilo ya deti ladzulo ilipo, ndipo aone kukula kwake. Fayilo imene masiku onse imakhala mamegabaiti 40 koma lero ili 0 ndi chizindikiro chakuti lamulo linalephera, mwina chifukwa disiki yadzaza kapena mawu achinsinsi anasinthidwa.

Kope lokhala m'kompyuta yomweyo limateteza ku zolakwitsa za anthu basi. Akuba, moto, mphezi ndi kufa kwa disiki zimatenga zonse pamodzi. Lamulo lodziwika la 3-2-1 limati makope akhale atatu, pa zosungira zamitundu iwiri, limodzi lili kunja kwa nyumbayo. Kwa sitolo yaing'ono zikutanthauza detabesi yeniyeniyo, kope la pa disiki yakunja, ndi lina la pa intaneti kapena pa fulashi imene mwini sitolo amapita nayo kunyumba. Mafulashi akakhala awiri osinthanasinthana, imodzi imakhala yosalumikizidwa nthawi zonse, ndipo vayirasi yotseka mafayilo n'kumaitanitsa dipo singayifikire. Kabukuka kanene dzina la wonyamula fulashi ndi tsiku losinthira. Popeza m'kopemo muli mayina, manambala a foni ndi ngongole za makasitomala, fulashiyo izikhala yokhomedwa ndi mawu achinsinsi, osati yoponyeramo nyimbo.

Gawo lalitali kwambiri la kabukuka liyenera kukhala la kuyesa kubwezeretsa, pakuti fayilo imene sinayesedwepo siikudziwika ngati ili ndi phindu. Nkhani ya kampani ya GitLab ndi umboni wodziwika. Pa 31 Januwale 2017, wantchito wake anafufuta mwangozi deta ya pa seva yaikulu. Atapita ku makope anapeza kuti `pg_dump` inali ikulephera mwakachetechete, chifukwa inali ya mtundu wa 9.2 pamene detabesi inali ya 9.6, ndipo makalata ochenjeza za kulepherako sankafika kwa aliyense. Kampaniyo inapulumukira pa kope lina limene linatengedwa pafupifupi maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo zimene zinalembedwa m'maola amenewo zinatayika. Inafotokoza yokha poyera zonsezi. Amenewo anali akatswiri, koma palibe amene anapatsidwa udindo woyesa makopewo.

Kuyesako kumachitika kamodzi pa mwezi, pa kompyuta ina, pogwiritsa ntchito kope la pa fulashi osati la m'sitolo, kuti fulashiyonso iyesedwe.

```
createdb shopu_yeso
pg_restore --no-owner -d shopu_yeso shopu_2025-03-12.dump
psql -d shopu_yeso -c "SELECT count(*), max(tsiku) FROM malonda;"
```

Mzere woyamba ukupanga detabesi yopanda kanthu, wachiwiri ukuthiramo za m'kope, wachitatu ukufunsa kuti m'tebulo la malonda muli mizere ingati komanso kuti deti lomaliza ndi liti. Kompyuta ina ikufunika chifukwa dzina la `shopu_yeso` limasiyana pang'ono chabe ndi `shopu`, ndipo chala chikaterereka pa kompyuta ya m'sitolo, woyesa angaononge zenizenizo. Lamulo la `pg_restore` lilinso ndi khalidwe lofunika kulidziwa: likakumana ndi vuto silimaima, limapitiriza, kenako pamapeto n'kulemba `errors ignored on restore` ndi chiwerengero cha mavutowo. Munthu wosawerenga mzere womalizawu angaganize kuti zonse zayenda bwino. Vuto lofala ndi uthenga wonena kuti `role` yakutiyakuti `does not exist`. Gwero lake ndi lakuti `pg_dump` siitenga maakaunti a ogwiritsa ntchito detabesi. Amenewa amasungidwa padera ndi `pg_dumpall --globals-only`, ndipo fayilo yake imabwezeretsedwa poyamba. Uthenga wa `unsupported version` umasonyeza kuti PostgreSQL ya pa kompyuta yoyeserayo ndi yakale kuposa imene inatenga kope, ndipo apa ndi pamene nambala ija ya patsamba loyamba imagwira ntchito.

Makina akavomera, mayeso sanathe. Deti lomaliza liyenera kukhala la tsiku limene kope linatengedwa, ndipo chiwerengero cha mizere chiyenera kuposa cha mwezi watha. Kenako mwini sitolo, osati katswiri, amatsegula pulogalamu ya malonda pa detabesi yoyeserayo n'kufufuza zinthu zimene akuzidziwa pamtima: matumba a simenti otsala, lisiti lina la sabata yatha, ndi ngongole ya kasitomala wamkulu. Kumapeto kwa kabukuka kumakhala tsamba lolembapo deti la mayeso, dzina la fayilo, chiwerengero cha mizere, mphindi zimene ntchito inatenga, ndi saini ya woyesa. Mphindizo ndi zimene zimauza mwini sitolo kuti tsiku la ngozi adzagulitsa ndi cholembera kwa nthawi yaitali bwanji.

M'sitolo ya simenti ija, disiki itafa Lachinayi pa 13 Malichi cha m'ma 2 koloko masana, kope lomaliza lingakhale la Lachitatu hafu pasiti folo. Zotayika zingakhale malonda a theka la ola lomaliza la Lachitatu ndi onse a Lachinayi kufika nthawi ya ngoziyo. Kabukuka kanene poyera kuti mpata umenewu ulipo ndi mmene umatsekedwera: malonda amalowetsedwanso pamanja kuchokera pa malisiti otsala, mameseji a Airtel Money ndi Mpamba, ndi sitetimenti ya kubanki. Mwini sitolo akaona kuti tsiku lathunthu ndi lambiri, kope lachiwiri limaikidwa 12 koloko masana. Chisankho chimenechi ndi cha mwini ndalama, ndipo chilembedwe kuti ndi iye anasankha.

Tsamba la oyimbira foni limasanjidwa potsata vuto, osati potsata udindo wa anthu. Wogulitsa sadziwa ngati chafa ndi disiki kapena pulogalamu. Chimene akuona n'chakuti kompyuta siikuyaka, kapena ikuyaka koma pulogalamu ikukana kulumikizana ndi detabesi, kapena manambala akuoneka achilendo. Pansi pa chizindikiro chilichonse pamalembedwa woyamba kumuyimbira, maola amene amayankha, ndi wachiwiri ngati woyambayo sakupezeka pakatha mphindi 30. Amene anagulitsa pulogalamu ya malonda amalembedwa limodzi ndi nambala ya laisensi, poti ndiyo amayamba kufunsa. Wokonza makompyuta ndi wa zamagetsi amalembedwa padera. Mwini sitolo amauzidwa nthawi zonse, ndipo iye yekha ndi amene angalamule kuti kope libwezeretsedwe pa detabesi yeniyeni, chifukwa kutero kumafufuta zonse zolembedwa kope litatengedwa kale. Pansi pa tsambali pamalembedwa zoletsedwa podikira thandizo: kuikanso pulogalamu mwatsopano, kulola wokonza kufufuta disiki, ndi kuyatsa mobwerezabwereza kompyuta imene disiki yake ikulira modabwitsa.

Mawu achinsinsi salembedwa m'kabukumo. Amaikidwa mu envulopu yomata imene mwini sitolo amasunga, ndipo kabukuka kamangonena kumene envulopuyo ili. Pamodzi ndi amenewa pakhalenso a akaunti ya pa intaneti yosungira makope. Akauntiyi kawirikawiri imakhala yolembetsedwa pa imelo ndi nambala ya foni ya katswiri wochokayo, ndipo iyenera kusamutsidwira kwa mwini sitolo iye asanachoke.

Tsiku losiyirana, wolowa ntchito amakhala pa kompyuta yoyeserera ndi kabuku m'manja n'kubwezeretsa kope ladzulo yekha, wochokayo ali pambali osatsegula pakamwa. Paliponse pamene watsopanoyo wakakamira ndi pomwe kabukuka kaperewera, ndipo pamakonzedwa pomwepo ndi cholembera. Manambala onse a patsamba la mafoni amayimbidwa kuti zidziwike ngati akugwirabe. Kenako mawu achinsinsi amasinthidwa, akaunti ya wochokayo imatsekedwa, ndipo m'mawa mwake wotsegula sitolo amaona ngati kope la madzulowo latuluka, chifukwa kusintha mawu achinsinsi kumatha kuimitsa `sunga.sh` ngati atsopanowo sanalembedwe pamene lamulolo limawawerenga.