Kasukidwe ka nsomba zowamba tisanaziphike

Nsomba zambiri zouma za pa msika wa Maramba, mu mzinda wa Livingstone, zimacokera ku madooko a mtsinje wa Zambezi monga Mambova ndi Mwandi. Kumeneko asodzi amazing'amba ndi kuziwamba pa utsi, ndipo ena amayamba azithira mcere. Pofika pakhomo, nsomba yotere imakhala ndi adani atatu a ndiwo: mcenga, mcere ndi kuwawa. Mdani aliyense ali ndi macotsedwe akeake.

Tiyerekeze kuti mayi wagula mlamba umodzi waukulu wowamba. Asanauike m'madzi, augogode pa thabwa ndi kuupala ndi mpeni kuti mwaye ndi fumbi zigwe. Mwaye ukanyowa umalowerera m'mnofu, ndipo msuzi umanunkha utsi.

Kenaka audule zidutswa zinayi ndi kuyang'ana m'kati. Kuwawa kumakhala m'malo atatu: m'ziwalo za m'mutu zimene nsomba imapumira, m'zotsalira zakuda za m'mimba, ndiponso pamene ndulu inaphulikira poitumbula. Malo a ndulu amaoneka acikasu kapena obiriwira. Amenewa ngofunika kuwadula ndi kuwataya, pakuti madzi sacotsa ndulu.

Tsopano aviike zidutswazo m'madzi ofunda, amene dzanja lingapirire, kwa mphindi 15. Madzi owira sayenera, cifukwa amanyenya mnofu mcenga usanacoke. Khungu likafewa, atsuke ndi zala m'makwinya onse ndi m'mutu. Pocotsa, anyamule nsombayo ndi manja kuiika m'mbale ina. Akakhuthula madzi nsomba ili momwemo, mcenga umene unakhazikika pansi umabwereranso pa nsomba. Abwereze kutsukako kufikira cala cisamvenso mcenga pansi pa beseni.

Mcere umafuna nthawi osati mphamvu. Ngati nsomba inathiridwa mcere wambiri, ikhale m'madzi ozizira ola limodzi kapena awiri, ndipo madziwo asinthidwe kawiri. Poyesa, mayi aphike kacidutswa ka pakati pa msana ndi kulawa, popeza mnofu wokhuthala ndiwo umacedwa kutaya mcere. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, nsomba isagone m'madzi usiku wonse, cifukwa imawola.

Pophika, aike anyezi ndi matimati, athire madzi ongofika pamwamba pa nsomba, ndipo moto ukhale wocepa. Asatakase ndi mthiko, angogwedeza mphika. Mcere athire pomaliza atalawa msuzi, pakuti nthawi zambiri wa m'nsomba umakwanira.

Koma kusuka kuli ndi malire. Nsomba imene mafuta ake anasasa, yonunkha ngati mafuta akale ndi yokereketa pakhosi, siingakonzeke. Cimodzimodzi ya cuku cobiriwira kapena cakuda colowa m'mnofu. Pogula, mayi aithyole pang'ono ndi kuinunkhiza ndalama isanacoke m'manja.