Tilanzisita Ikamadziwotcha Yokha

Ndi mwezi wa Okutobala, ampulifaya ikulira bwinobwino paukwati, kenaka kwamveka kafungo kopserera, nyimbo zii. Wokonza mawailesi akatsegula amapeza tilanzisita yapsa. Amaika ina, koma nayonso sikhalitsa.

Chimachitika n'chakuti kutentha ndi magetsi zimakokana. Tilanzisita ikatentha ndi digiri imodzi, mphamvu yofunika kuti iyambe kudutsitsa magetsi imatsika ndi mamilivoti pafupifupi 2. Ikatero imadutsitsa magetsi ochuluka, magetsiwo amaonjezera kutentha, kutenthako kumaitananso magetsi ena, mpaka kachidutswa ka silikoni ka m'kati kamapsa. Chizindikiro chake chimaoneka pa mita: nyimbo zili zotseka, koma magetsi odutsa m'tilanzisita akungokwerakwera osakhazikika.

Chotulutsa kutenthaku ndi hitisinki, chitsulo cha aluminiyamu cha timapiko. Ambiri amangotola iliyonse imene yakwana m'bokosi, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Hitisinki imasankhidwa ndi masamu, osati ndi maso.

Pepala la wopanga limanena madigiri amene m'kati mwa tilanzisita mumakwera kuposa mpweya wozungulira pa wati iliyonse imene ikusanduka kutentha:

```
Tj = Ta + P × RθJA
```

Tj ndi kutentha kwa m'kati, Ta ndi kwa mpweya, P ndi mawati, ndipo RθJA ndi madigiri a pa wati aja.

Titenge TIP41C. Malire ake ndi madigiri 150, ndipo ikakhala yopanda hitisinki imakwera madigiri 62.5 pa wati iliyonse. Pa mawati 10 ikanakwera madigiri 625, kutanthauza kuti singathe n'komwe.

Tiyerekeze kuti m'bokosi la ampulifaya mpweya wafika madigiri 40, ndipo tikufuna kuti m'kati mwa tilanzisita musapitirire 120, kusiyako mpata. Tatsala ndi madigiri 80. Tikagawa ndi mawati 10, njira yonse yotulukira kutentha isapose madigiri 8 pa wati. Kuchokera m'kati kufika pa msana wachitsulo wa tilanzisita, pafupifupi 2 apita kale. Kapepala ka maika kopakidwa girisi woyera uja kamadya pafupifupi 1. Otsala ndi 5, choncho hitisinki ikhale ya madigiri 5 pa wati kapena kutsika apo. Nambala ikachepa, ndiye kuti hitisinki ndi yabwino.

Nambala imeneyi imagwira ntchito timapiko tikaimirira ndipo mpweya ukudutsa. Fumbi, nati yosamanga bwino kapena girisi wouma zimaikweza.

Hitisinki yokha sithetsa kukokana kuja. Pamafunikanso rezisita yaing'ono, monga ya maomu 0.22, pa mwendo wa emita, kuti magetsi akakwera iwabweze. Katilanzisita kapena dayodi yoyang'anira bayasi imangidwe pa hitisinki yomweyo kuti izimva kutentha komweko. Mukapititsa ampulifaya kokonzetsa, funsani ngati zimenezi zabwezeredwa m'malo mwake musanainyamule.