Malemu alowe bwanji pa chithunzi cha banja?

Fodya akagulitsidwa, mabanja ambiri ku Dowa ndi ku Ntchisi amamanga ziliza, ndipo abale amene adabalalikira ku Lilongwe ndi ku Joni amakumananso pamudzi. Akajambulitsa limodzi, pamasowa munthu mmodzi: kholo limene adzalimangira chiliza. Masiku ano ojambula a pa Mponela, pa Madisi kapena pa boma la Ntchisi amatha kuphatikiza chithunzi chakale ndi chatsopano pa kompyuta. Koma ntchitoyi ikagwiridwa mosasamala, pakhoma pamapachikidwa munthu amene ana ake omwe sakumuzindikira.

Tiyerekeze banja lina la ku Malomo. Chithunzi chokhacho cha bambo awo n'chaching'ono, cha pachiphaso, masentimita 3.5 m'lifupi ndi 4.5 m'litali, ndipo chidafiira. Chatsopano adajambula ndi foni panja, anthu khumi ataima dzuwa likuwawomba chakumanzere. Akufuna chimodzi chachikulu ngati pepala la A4.

Choyamba n'kusamala chakalecho. Ngati chidamatirira pagalasi la felemu chifukwa cha chinyezi, musachimatule, nkhope ingatsalire pagalasipo. Chijambulidwe chili chomwecho. Musachipukute ndi madzi, ndipo musalole kuti achimate m'pulasitiki wotentha uja, chifukwa sichidzatulukamonso chamtunthu.

Kenako chiikidwe pa sikana. Wojambula asankhe 1200 dpi m'malo mwa 300 dpi imene makina ambiri amayambira. Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chosindikiza chimaoneka bwino pa 300 dpi, choncho 1200 imalola kuchikuza kanayi, kufika masentimita 18 m'litali, popanda timabokosi kuonekera. Komabe sikana siibweza zimene kamera yakale sidagwire. Nkhope ikayamba kuoneka ngati ya mu nkhungu, mwakuza mopyola. Ngati palibe sikana, jambulani ndi foni pamthunzi wa khonde, foni itayang'ana chithunzicho molunjika, osayatsa fulashi. Potumiza pa WhatsApp sankhani `Document`, popeza njira yanthawi zonse ija imafinya chithunzi n'kuchichepetsa mphamvu.

Kufiira kuja kumabwera chifukwa mitundu ya papepala sizilala mofanana: wobiriwira motuwa ukatha msanga, wofiira umatsala. Zimenezi zimakonzeka, monganso mikwingwirima ndi madontho a nkhungu. Malire ali pankhope. Makwinya, mpata wa m'mano, chipsera cha pachipumi, khungu lakuda bii, zonsezi ndiye munthuyo. Wokonza akasalaza kapena kuyeretsa khungu, wapanga mlendo. Njira yoyesera ndi yapafupi: musanasindikize, onetsani azakhali kapena munthu wina wachikulire amene adakula nawo malemuwo, osawauza kanthu. Akazengereza kutchula dzina, bwererani kwa wojambula.

Vuto lalikulu la banja la ku Malomoli n'lakuti chithunzi cha pachiphaso chimalekezera m'mapewa. Kuti bambowo aimirire pakati pa ana awo, wojambula ayenera kubwereka thupi la munthu wina, mwina la suti yomwe sadavalepo. Komanso nkhope yawo idawalitsidwa kuchokera kutsogolo, pomwe anzawo onse ali ndi mthunzi kudzanja lamanja. Diso limaona msanga kuti mutuwo ndi womata. Pali ndi nkhani ya zaka: bambo adajambulidwa ali ndi zaka 35, pomwe mwana wawo wachisamba tsopano ali ndi imvi.

N'chifukwa chake njira yaulemu ndiyo kusanamizira kuti adalipo tsikulo. Nkhope yawo iikidwe m'kabwalo kozungulira ngati dzira pamwamba pa gululo, pomwe pali thambo kapena khoma, yaikulu pang'ono kuposa nkhope za enawo. Ingasiyidwe yakuda ndi yoyera kuti aliyense aone kuti ndi ya nthawi ina. Njira inanso, yosalira luso la pa kompyuta, ndiyo kusindikiza chakale chokonzedwacho, kuchiika mu felemu, mayi kapena wachisamba n'kuchinyamula pojambulitsa. Pansi palembedwe dzina, chaka chobadwa, chaka chomwalira ndi tsiku la chithunzi chatsopanocho, kuti zidzukulu zisadzasokonezeke.

Asanapite kwa wojambula, nkhaniyi ikambidwe. Kwathu kuno za malemu sagamula munthu mmodzi. Mayi wamasiye afunsidwe, mwinimbumba wa kuchimuna adziwe. Ena kuona womwalira ali pamodzi ndi amoyo kumawatonthoza, ena kumawautsira chisoni kapena mantha. Ngati bambowo adali ndi mabanja awiri, funso loti aikidwe pa ana ati lingautse mapiri pachigwa.

Pomaliza, tengani chithunzi chanu chakale tsiku lomwelo, pamodzi ndi kope losakonzedwa la pa sikana. Kopelo lisungidwe kwa abale awiri kapena atatu, ndipo chosindikizacho chipachikidwe kutali ndi dzuwa ndi utsi wa kukhitchini.